Lipoti la PDF likuoneka bwino, koma munthu wosaona akulephera kulimva

Funso: Ndine mlembi pa bungwe lina laling'ono ku Area 47 muno mu Lilongwe. Ndinatumiza lipoti lathu la pachaka la masamba 14 kwa mamembala a bodi ngati PDF, koma bambo ena osaona, amene amawerenga pogwiritsa ntchito NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa sikilini, andiuza kuti mawu akusakanikirana, zithunzi sizikudziwika kuti n'zachiyani, ndipo pa tsamba lomaliza sipakumveka kanthu. Kwa ine lipotilo likuoneka bwinobwino. Ndinalakwitsa pati, ndipo ndikonze bwanji?

Yankho: Mayi, fayilo ya PDF ingathe kusunga zinthu ziwiri zosiyana, ndipo inu mukuona chimodzi chokha. Choyamba ndi maonekedwe a tsamba, kutanthauza malangizo akuti chilembo ichi chikhale apa, mzere uwu ukhale apo, chithunzi chikhale m'munsi. Malangizo amenewa sanena kuti mawu akuluakulu a pamwamba ndi mutu, kapena kuti manambala andandalikidwa mu tebulo. Ndi maso anu amene amazindikira zimenezo. Chachiwiri ndi m'ndandanda wobisika wa matagi, umene umatchula chinthu chilichonse dzina lake ndi kuchiika pamalo pake: uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi ndipo chikusonyeza zakutizakuti. Bambowo akamawerenga, NVDA imadalira m'ndandanda wachiwiriwu. Ngati mulibe, pulogalamu yotsegulira PDF imangoganizira yokha dongosolo la mawu, ndipo pa tsamba limene lili ndi madanga awiri kapena mabokosi imaphonya kawirikawiri.

Matagi analowa mu PDF m'chaka cha 2001, ndipo kuyambira 2012 pali muyezo wa mayiko onse wotchedwa PDF/UA, kapena ISO 14289, wofotokoza mmene fayilo yotere iyenera kukhalira. Simukufunika kuwerenga muyezowo kuti mukonze lipoti lanu. Matagi amene mudzakumana nawo tsiku ndi tsiku ndi ochepa: `<H1>`, `<H2>` ndi `<H3>` a mitu ndi timitu, `<P>` ya ndime, `<L>` ya m'ndandanda, `<Table>` ya tebulo, ndi `<Figure>` ya chithunzi.

Musanakonze chilichonse, yambani mwafufuza zinthu ziwiri, ndipo sizitenga mphindi zisanu. Tsegulani lipotilo mu Adobe Acrobat Reader, imene ndi yaulere, dinani `Ctrl+D`, ndipo pa gawo la `Description` yang'anani mzere wolembedwa `Tagged PDF`. Pakalembedwa `No`, ndiye kuti fayilo yonse ilibe matagi, ndipo nthawi zambiri chimachititsa ndi njira imene PDF inapangidwira. M'maofesi ambiri anthu anazolowera kudina `Print` ndi kusankha `Microsoft Print to PDF`. Njira imeneyi imachita ndendende zimene pulintala imachita, imajambula tsamba ndi kutaya dongosolo lonse limene linali mu Word. Kenaka pitani pa tsamba lomaliza lija ndi kuyesa kusankha mawu ake ngati mukufuna kuwakopera. Ngati simungathe kusankha liwu limodzi palokha, tsambalo ndi chithunzi chabe. Ndikukhulupirira kuti ndi tsamba limene wapampando anasainira ndi kudinda chidindo, kenaka linasikanidwa ndi kulumikizidwa ku lipoti. Kwa NVDA tsamba lotere lilibe chilembo ngakhale chimodzi, n'chifukwa chake bambowo anangomva zii.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti mubwerere ku fayilo ya Word imene munalembamo lipotilo, mukonze kumeneko, ndipo mupange PDF yatsopano. N'zotheka kukonza matagi mkati mwa PDF yeniyeniyo, koma pamafunika Acrobat Pro imene ndi yolipira, ntchitoyo ndi yapang'onopang'ono, ndipo bodi ikadzati musinthe nambala imodzi pa tsamba 6, mudzapanga PDF ina kuchokera ku Word ndipo zonse zimene munakonza zidzatayika. Zimene mwakonza mu Word zimakhalitsa, ndipo lipoti la chaka chamawa mudzangolemba pa maziko omwewo.

Mu Word yambani ndi mitu. Alembi ambiri akafuna mutu amakulitsa zilembo ndi kuzidetsa, ndipo pa pepala zimaoneka ngati mutu, koma mkati mwa fayilo imakhala ndime wamba. Dinani pa mutu uliwonse ndi kusankha `Heading 1` pa `Styles` ngati ndi mutu waukulu, `Heading 2` ngati ndi kamutu ka pansi pake, osadumpha kuchoka pa 1 kupita pa 3 chifukwa chakuti maonekedwe a 3 akusangalatsani. Ngati mtundu kapena kukula kwa zilembo sikukugwirizana ndi zimene bungwe lanu limafuna, sinthani sitayiloyo ndi `Modify`, ndipo mitu yonse isintha nthawi imodzi. Kufunika kwa zimenezi kumaoneka pa tsiku la msonkhano. Wapampando akanena kuti tipite pa gawo la zachuma, inu mumangoponya maso ndi kulipeza, pamene bambowo amadina batani la `H` kuti NVDA idumphe kuchoka pa mutu wina kupita pa wotsatira. Lipoti likakhala lopanda matagi a mitu, batanilo silipeza kanthu, ndipo amayenera kumvetsera kuyambira tsamba loyamba pamene anzawo ayamba kale kukambirana.

Tsopano tifike pa dongosolo la kawerengedwe, pamene ndikuona kuti pagona vuto lanu lalikulu. Popeza lipoti lanu sindinalione, tiyerekeze kuti tsamba 5 lili motere: pamwamba pali dzina la bungwe limene limabwerezedwa tsamba lililonse, kenaka mutu wakuti Ntchito za madzi, pansi pake mawu a m'madanga awiri, kumanja kuli bokosi la mawu a mayi wina wa kumudzi, ndipo m'munsi muli tchati cha mijigo imene inakonzedwa. Munthu woona amawerenga mutu, kutsika ndi danga la kumanzere mpaka pansi, kukwera ku danga la kumanja, kenaka bokosi ndi tchati. Palibe amene anamuuza kutero, maso amangodziwa. Kompyuta iyenera kuuzidwa.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi madanga opangidwa ndi batani la `Tab` kapena ndi mipata. Mlembi amalemba mzere wa kumanzere, kudina `Tab` kangapo, ndi kulemba mzere wa kumanja. Kwa Word umenewo ndi mzere umodzi, choncho NVDA imawerenga theka la chiganizo cha kumanzere ndi kulumikiza theka la chiganizo cha kumanja, ndipo womvera amamva ngati anthu awiri akulankhula molandizana nkhani zosiyana. Mankhwala ake ndi kulemba mawuwo mwachizolowezi, ndime ndi ndime, kenaka kuwasankha ndi kugwiritsa ntchito `Layout` ndi `Columns`. Mukatero Word imadziwa kuti ndi nkhani imodzi imene ikuyenda kuchoka pa danga loyamba kulowa lachiwiri, ndipo matagi amatsatira njira yomweyo. Chimodzimodzinso musagwiritse ntchito tebulo lopanda mizere pofuna kungokongoletsa tsamba, chifukwa NVDA imalengeza kuti pano pali tebulo, ndi kuyamba kutchula mizere ndi madanga pa nkhani imene si tebulo n'komwe.

Bokosi lija ndi msampha wachiwiri. Chinthu chopangidwa ndi `Text Box` chimayandama pamwamba pa tsamba, ndipo chimamangiriridwa ku ndime ina ndi kachizindikiro kooneka ngati nangula, kamene nthawi zambiri kamakhala kutali ndi pamene bokosilo likuonekera. Mu PDF mawu a m'bokosi angathe kutulukira pamalo amene simukuyembekezera, ngakhale mutu wa tsamba usanamveke. M'ndandanda wa matagi wa tsamba lathu loyerekeza ungaoneke chonchi:

```
<P>       mawu a m'bokosi
<P>       Ntchito za madzi
<Figure>  (palibe kufotokoza)
<P>       ndime yoyamba
<P>       ndime yachiwiri
```

Womvera ayamba kumva mawu a mayi amene sakudziwa kuti ndi ndani, kenaka mutu umene sukudziwika kuti ndi mutu, kenaka liwu lakuti `graphic` lopanda china chilichonse. Chimene tikufuna ndi ichi:

```
<H1>      Ntchito za madzi
<P>       ndime yoyamba
<P>       ndime yachiwiri
<P>       mawu a m'bokosi
<Figure>  Alt: Tchati cha mijigo...
```

Kuti mufike pamenepa mu Word, chotsani bokosilo, lembani mawu ake ngati ndime wamba pamalo pamene mukufuna kuti amveke, ndipo ikani mpanda kuzungulira ndimeyo ndi `Borders and Shading`. Pa maso lidzaonekabe ngati bokosi. Zithunzi nazonso muziike pa `In Line with Text` pa `Wrap Text`, kuti zikhale mu mzere wa nkhani osati kuyandama. Dzina la bungwe ndi nambala ya tsamba muziike mu `Header` ndi `Footer` enieni, osati kuzilemba pamanja tsamba lililonse, chifukwa zikakhala m'malo amenewo Word imaziika m'gulu la zinthu zosawerengedwa, zimene mu PDF zimatchedwa `Artifact`, ndipo bambowo sadzamva dzina la bungwe kokwana 14 likudula ziganizo pakati.

Pa zithunzi ndi pamene pamafunika nzeru za munthu kuposa luso la kompyuta. Dinani chithunzi ndi batani la kumanja la mausi, sankhani `View Alt Text`, kapena `Edit Alt Text` mu Word yakale pang'ono, ndipo lembani mawu amene adzawerengedwa m'malo mwa chithunzicho. Funso loyenera kudzifunsa si lakuti m'chithunzimu muli chiyani, koma lakuti ndinachiikiranji pa tsamba lino. Ine ndimauza anthu amene ndimawaphunzitsa kuti aganize kuti akuwerengera mkulu wawo lipotilo pa foni, ndipo afika pa chithunzi. Chimene anganene pamenepo ndi chimene ayenera kulemba. Pa foni simunganene kuti chithunzi, ndi kupitiriza, ndiponso simungayambe kutchula mtundu wa chitenje cha munthu aliyense.

Titenge tchati cha mijigo chija, ndipo tiyerekeze kuti chili ndi mizati inayi. Kulemba kuti "Tchati cha mijigo" n'kosakwanira, chifukwa woona wapeza manambala anayi ndi uthenga wake, pamene wosaona wangouzidwa kuti pali chinthu chimene sangachione. Kufotokoza kwabwino kungakhale kotere: "Tchati cha mijigo imene inakonzedwa chaka chino: Mitundu 18, Nathenje 11, Malingunde 7, Lumbadzi 4. Pafupifupi theka la mijigo yonse inakonzedwa ku Mitundu." Ziganizo ziwiri zokha, koma membala wa bodi angathe kufunsa chifukwa chimene ku Lumbadzi kwachepera, monga mmene anzake angafunsire. Tchati chikakhala ndi manambala ambiri, monga ndalama za miyezi 12, musawaunjike onse m'kabokosi ka kufotokoza, chifukwa mawu amenewo ndi ovuta kuwabwereza pang'onopang'ono ndi kuyerekeza nambala ndi inzake. Lembani uthenga waukulu wokha, mwachitsanzo kuti ndalama zinatsika kuyambira mu Januwale mpaka mu Malichi kenaka zinayamba kukwera, ndipo manambala onse muwaike mu tebulo lenileni pansi pa tchaticho. Oona nawonso amapindula ndi tebulo limenelo.

Chithunzi cha anthu chimafuna chiganizo chimodzi, monga "Amayi atatu a komiti ya madzi akutunga pa mjigo umene wangokonzedwa kumene." Simukufunika kuyamba ndi mawu akuti chithunzi cha, popeza NVDA imanena kale kuti ichi ndi chithunzi, ndipo ngati pansi pake pali kale mawu ofotokoza amene aliyense akuwaona, musawabwereze liwu ndi liwu, onjezani zokhazo zimene mawuwo sananene. Mizere, maluwa ndi zokongoletsa zina muziike chizindikiro pa `Mark as decorative` kuti zidumphidwe. Chenjeraninso ndi kufotokoza kumene Word nthawi zina imadziikira yokha, chifukwa kumakhala kwa Chingerezi, kosadziwa nkhani yanu, ndipo kungatchule mjigo dzina la chinthu china. Werengani bokosi la chithunzi chilichonse ndi maso anu. Chinthu china chimene chimandiwawa ndikachipeza ndi tebulo la zachuma lojambulidwa pa sikilini kuchokera ku Excel ndi kumatidwa mu lipoti ngati chithunzi. Membala wa bodi ali ndi udindo wovomereza ndalama zimenezo, ndipo palibe kufotokoza kwa ziganizo ziwiri kumene kungalowe m'malo mwa manambala amene akuyenera kuwaunika yekha. Tebulo lotere liyenera kulowa ngati tebulo.

Matebulo enieniwo amafuna zinthu ziwiri. Sankhani mzere wa pamwamba ndi kudina `Repeat Header Rows`, kuti timabokosi take tidziwike ngati mitu ya madanga, imene mu PDF ndi `<TH>`. Zikatero, bambowo akamayenda mu tebulo ndi `Ctrl+Alt` pamodzi ndi mabatani a mivi, angathe kumva dzina la danga pamodzi ndi nambala, osati nambala yokha imene sakudziwa kuti ndi ndalama zolowa kapena zotuluka. Chachiwiri, pewani kuphatikiza timabokosi ndi `Merge Cells`, chifukwa kumasokoneza kugwirizana kwa nambala ndi mutu wake. Tebulo limodzi lalikulu la mitu yosanjikizana ndi bwino kuligawa kukhala awiri osavuta.

Tsamba losainidwa lija lilembeni ngati mawu enieni mu Word, ndipo musikane siginecha ndi chidindo zokha, ndi kuziika ngati kachithunzi kofotokozedwa kuti "Siginecha ya wapampando wa bodi ndi chidindo cha bungwe." Pali njira ina yosandutsa tsamba losikanidwa kukhala mawu, imene mu Acrobat Pro imatchedwa `Recognize Text`, ndipo imathandiza masamba akakhala ambiri. Koma pa mawu a Chichewa imalakwitsa, makamaka pa chilembo cha ŵ ndi pa kankhodolero ka m'mwamba ka mu ng', ndiponso pamene chidindo chagwera pa mawu, choncho liwu lililonse limafunika kuunikidwanso. Pa tsamba limodzi, kulemba mwatsopano n'kofulumira. Phindu lina ndi lakuti simudzafunikanso kulumikiza mafayilo awiri, popeza zida zina zolumikizira PDF za pa intaneti zimawononga matagi amene munawakonza bwino.

Mukamaliza, pitani pa `File` ndi `Info` ndi kulemba dzina la lipoti pa `Title`, kenaka `Save As`, sankhani PDF, dinani `Options`, ndipo onetsetsani kuti pa `Document structure tags for accessibility` pali chizindikiro. Ngati ofesi yanu imagwiritsa ntchito LibreOffice, sankhani `Export as PDF` ndi kuika chizindikiro pa `Universal Accessibility (PDF/UA)`. Onetsetsaninso kuti chiyankhulo cha fayilo chikugwirizana ndi chimene lipoti linalembedwamo, chifukwa ndi chimene chimathandiza pulogalamu kusankha katchulidwe. Chizindikiro cha Chichewa pa makompyuta ndi `ny`.

Nthawi zina fayilo ya Word kulibe, mwina lipoti linakonzedwa ndi wojambula wa kunja kwa bungwe amene anakupatsani PDF yokha. Choyamba mupempheni kuti atulutsenso fayiloyo ndi matagi, chifukwa kwa iye ndi kosavuta kuposa kwa inu. Zikakanika, ntchito imachitika mu Acrobat Pro, ndipo apa pali chinthu chimene chimasocheretsa ngakhale anthu odziwa. Muli malo awiri ooneka ngati a dongosolo la kawerengedwe, `Order` ndi `Tags`. Malo a `Order` amakopa chifukwa amaonetsa manambala pa tsamba, koma dongosolo limene NVDA ndi pulogalamu inzake yotchedwa JAWS zimatsatira ndi la mu `Tags`. Komanso kusuntha zinthu mu `Order` kumasintha kasanjidwe ka zimene zajambulidwa pa tsamba, moti mawu angathe kubisika kuseri kwa bokosi la mtundu. Zinandichitikirapo pa lipoti lina pamene ndinali kuyamba ntchitoyi: ndinasuntha ndime imodzi, mutu wa tsamba unasowa, ndipo ndinalibe kope lina la fayiloyo. Choncho sungani kope musanayambe, tsegulani `Tags`, tsikani ndi batani la muvi tagi ndi tagi mukuona chimene chikuwala pa tsamba, ndipo kokani tagi iliyonse imene ili pamalo polakwika kuiika pamene ikuyenera.

Kuyesa kuli pawiri. Pali pulogalamu yaulere ya pa Windows yotchedwa PAC, imene imaunika fayilo potsatira PDF/UA, ndipo ili ndi gawo la `Screen reader preview` limene limaonetsa zonse mu mzere umodzi motsatira matagi, mitu ndi kufotokoza kwa zithunzi zili poyera. Koma chida chotere chimangodziwa kuti chithunzi chili ndi kufotokoza, sichingadziwe ngati kufotokozako kuli koona kapena kothandiza, ndipo sichingadziwe kuti ndime ya kumanja yabwera ya kumanzere isanathe. Ngakhale Acrobat Pro, ikafika pa `Logical Reading Order`, imalemba kuti `Needs manual check`. Ndiye ikani NVDA pa kompyuta yanu, popeza ndi yaulere, tsegulani PDF yatsopanoyo mu Acrobat Reader, ndipo dinani `H` kuyambira pamwamba kuti mumve ngati mitu yonse ikupezeka motsatana, `G` kuti muyendere zithunzi, ndi `T` kuti mufike pa matebulo. Kenaka pitani pa tsamba lovuta kwambiri, dinani `Insert` pamodzi ndi muvi wolozera pansi kuti iwerenge mosalekeza, ndipo mumvetsere osayang'ana pa sikilini. Batani la `Ctrl` limaimitsa mawu. Ngati liwu la NVDA likukuvutani kumva poyamba, tsegulani `Speech viewer` pa `Tools`, imene imalemba pa sikilini chilichonse chimene chikunenedwa.

Mukatumiza lipoti latsopano kwa bambowo, musangofunsa ngati lili bwino, chifukwa mwaulemu angathe kungovomera. Apempheni kuti apeze gawo la zachuma ndi kukuuzani ndalama zonse zotuluka, ndiponso kuti akuuzeni zimene tchati chimodzi cha mu lipotilo chikunena. Pamene akakamire ndi pamene patsala ntchito. Afunseninso kuti amawerengera pa chiyani. Ngati nthawi zina amatsegula zikalata pa foni kudzera pa WhatsApp ndi TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza ya pa foni za Android, dziwani kuti mapulogalamu otsegulira PDF pa foni satsatira matagi mofanana, choncho muwatumizire fayilo ya Word yokonzedwa ija pamodzi ndi PDF, masiku angapo msonkhano wa bodi usanachitike.